Kufunsa kuti "Umanditenga ngati ndani?" popanda kupanikiza munthu, ndi kumva bwino yankho lake

Kuno ku Chipata funso lakuti "kodi pakati pa ine ndi iwe pali chiyani?" limalemera kuposa mawu ake. Mtsikana akalifunsa, mnyamata nthawi zambiri amamva kuti "tumiza ankhoswe kwathu", ndipo m'mutu mwake amayamba kuwerengera malowolo, suti, ndi nyumba ya lendi imene alibe. Mnyamata akalifunsa, mtsikana amamva kuti "undiuze lero ngati udzakhala mkazi wanga", pomwe mwina akufuna amalize kaye kosi yake. Munthu akachita mantha amayankha zoti apulumukirepo, ndipo yankho lotere silikuuzani kanthu. Ntchito yanu yaikulu ndi kulekanitsa funso lanu ndi nkhani ya ukwati ndi ya ndalama, kuti mnzanuyo ayankhe chimene mwafunsadi. Malangizowa ndi a anthu akuluakulu amene akhala akuonana kwa miyezi ingapo, kuimbirana usiku, kuperekezana, mwinanso kugonana, koma palibe anatchulapo dzina la chimene akuchitacho.

Choyamba: sankhani funso limodzi

Pakati pa kudziwana ndi ukwati pali masitepe atatu, ndipo lililonse lili ndi funso lake. Loyamba ndi lakuti: kodi tili pa chibwenzi kapena tikungocheza? Lachiwiri: kodi tili awiri okha, kapena pali wina? Lachitatu: kodi tikupita kwa makolo, kukapereka chikole ndi kutuma ankhoswe? Anthu ambiri amawunjika mafunso atatuwa mu mpweya umodzi, ndipo ndi pamene munthu amamva ngati wamangidwa.

Musanakumane naye, khalani panokha ndipo mudzifunse kuti chikukusowetsani tulo ndi chiti. Ngati chimakupwetekani n'chakuti mukakumana ndi anzake pa Down Shops amakutchulani "mnzanga", funso lanu ndi loyamba. Ngati ndi foni imene amaitembenuza ikalira, funso lanu ndi lachiwiri. Lachitatu ndi la anthu amene awiri oyambawo anayankhidwa kalekale. Kwa ambiri amene akhala miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, chofunika ndi chachiwiri, ndipo malangizo otsatirawa atsamira pamenepo.

Ngati mumagonana, funso lachiwirili si la mtima wokha. Ndi la magazi anunso. Muli ndi ufulu wonse wodziwa ngati pali wina, ndipo musachite nalo manyazi.

Chachiwiri: dziwani chimene mudzachite ndi yankho lililonse

Mayankho amene angabwere ndi atatu: inde, ayi, ndi "sindinadziwe". Ganizirani lililonse muli nokha. Akati inde, mukufuna chisinthe n'chiyani? Akati ayi, kodi mudzasiya kuonana naye, kapena mudzapitiriza mukudziwa kuti palibe lonjezo? Akati sanadziwe, mungadikire mpaka liti?

Sitepe iyi anthu amaidumpha, koma ndi imene imachotsa chipanikizo m'mawu anu. Munthu amene sanakonzekere kumva "ayi" amafunsa mawu akunjenjemera, amabwereza, amalira funso lisanathe, ndipo mnzake amayankha kuti atonthoze misoziyo basi. Amene wakonzeka amafunsa mtima uli m'malo. Nthawi imene mwadzipatsa yodikira isungeni mumtima. Mukainena poyamba penipeni imamveka ngati chiopsezo.

Chachitatu: nthawi ndi malo

Musafunse pa WhatsApp. Pa foni munthu amakhala ndi mpata wokonza yankho, kufunsa anzake, kapena kungotumiza kachithunzi ka mtima, ndipo inu mumataya nkhope yake ndi mawu ake, zimene zili theka la yankho. Ngati mnzanuyo ali ku Lusaka kapena anatumizidwa kukagwira ntchito ku Lundazi ndipo simuonana kawirikawiri, dikirani abwere. Zikakanika, muimbirane foni mutagwirizaniratu nthawi, muli ndi mayunitsi okwanira kuti nkhani isadukire pakati.

Musafunse pabedi, kaya musanagone kapena mutangomaliza. Pamenepo aliyense amalonjeza. Musafunse munthu atamwa, kapena mutangokangana, kapena tsiku limene wakupatsani ndalama kapena mwamupempha ndalama, chifukwa funsolo lidzaoneka ngati lamangiriridwa ku ndalamazo. Masiku a chikondwerero nawonso sathandiza. Pobwera ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena pa ukwati wa mnzanu, mitima imakhala itakwera ndipo mawu amatuluka otsekemera kuposa mmene alili. Januwale, mwezi umene matumba ali mbee ndipo aliyense akuganiza za feteleza ndi zofunika za ana a sukulu, munthu amamva funso lililonse ngati ngongole.

Sankhani masana a tsiku wamba, pamalo pamene anthu akukuonani koma sakukumvani. Chipata ndi tauni imene aliyense ali ndi msuweni pa ngodya iliyonse, choncho malo odyera odzaza anthu sakuyenera. Kuyenda pansi kumathandiza kwambiri: Lamulungu masana mukuchokera ku tchalitchi, kapena madzulo dzuwa lisanalowe mukulowera cha ku Kanjala. Anthu akamayenda moyandikana sayang'anana m'maso, ndipo amuna ambiri, ngakhale akazi amanyazi, amamasuka kulankhula motero. Onetsetsani kuti muli ndi ndalama yanuyanu yobwerera, ya njinga kapena ya takisi, kuti nkhani ikaipa musadalire iye kukufikitsani kunyumba.

Musamuuziretu m'mawa kuti "madzulo ndili nawe nkhani yaikulu". Adzakhala tsiku lonse akuganiza kuti ndi mimba, ndipo adzabwera atavala kale zodzitetezera.

Chachinayi: mawu ake

Apa ndi pamene pagona nkhani. Funso losapanikiza lili ndi zigawo zinayi, ndipo dongosolo lake ndi lofunika.

Yambani ndi mbali yanu. Nenani pamene inu mwaima musanafunse pamene iye waima. Mukangofunsa kuti "umanditenga ngati ndani?" osaonjezapo kanthu, mwamusiya yekha pa mayeso amene sakudziwa yankho lolondola, ndipo adzayesa kulota chimene mukufuna kumva. Mukayamba ndinu, mwaika mtima wanu poyera, ndipo iye akhoza kuika wake.

Kenako tchulani chimene simukufunsa. Chigawo ichi ndi chimene chimafunika kwambiri kwathu kuno. Nenani poyera kuti simukunena za ankhoswe, za chikole, kapena za ndalama. Mudzaona mapewa ake akutsika.

Kenako funsani funso limodzi lija, lalifupi.

Pomaliza mutsegulireni khomo: muuzeni kuti yankho loona, ngakhale lowawa, mulilandira, ndiponso kuti sayenera kuyankha pomwepo.

Zonse pamodzi zikhoza kumveka motere:

"Pali kanthu kamene ndakhala ndikufuna kukuuza. Ine ndimasangalala nawe, ndipo chiyambire kuonana kwathu ndilibe wina. Sindikunena za ukwati ayi, za ankhoswe si za lero. Ndikungofuna kudziwa kuti kwa iwe zili bwanji: tili awiri okha, kapena sunafike pamenepo? Chilichonse chimene chili choona undiuze, sindikukwiyira. Ngati ukufuna kuganiza kaye, ganiza."

Ngati mumaitanana kuti "inu", pitirizani motero. Musasinthe kaitanidwe tsiku limenelo, chifukwa kusinthako pakokha kumamveka ngati mlandu wayamba.

Pali mawu amene amaononga zonse ngakhale mutayamba bwino. "Anzanga akundiseka." "Amayi akufunsa." "Pali wina akundifuna, ndiye unene msanga." "Pa zonse zimene ndakuchitira." Onsewa amalowetsa anthu ena kapena ngongole m'nkhani ya anthu awiri. Mawu onena za wina amene akukufunani ndi oipitsitsa, ngakhale atakhala oona, chifukwa munthu akhoza kunena inde chifukwa cha nsanje yokha, ndipo inde wa nsanje amatha mpikisano ukatha.

Kwa akazi amene anakula akumva kuti mkazi safunsa, amadikira kufunsiridwa: kufunsira ndi kwina, kufunsa pamene mwaima ndi kwina. Simukudzipereka kwa munthu. Mukufuna kudziwa zoona za chinthu chimene muli kale mkati mwake, chimene chikukudyerani nthawi ndiponso chikutsekereza ena amene akanabwera. Ine ndimaona kuti mwamuna amene angakupeputseni chifukwa mwafunsa modekha chonchi wakupatsani kale yankho lofunika.

Chachisanu: khalani chete

Mukamaliza, tsekani pakamwa. Mphindi imene imatsatira imatalika, ndipo mudzafuna kuidzaza ndi "basi zisiye", kapena "ndimangocheza", kapena kumuyankhira kuti "ndikudziwa uli ndi zambiri". Mukatero mwabweza funso lanu. Pitirizani kuyenda, mulekeni apeze mawu.

Akapempha nthawi, mpatseni, koma nthawiyo ikhale ndi tsiku. "Chabwino, tikambirane Lamulungu likubwerali?" Sabata imodzi kapena awiri ndi okwanira pa funso lakuti pali wina kapena palibe, chifukwa munthu amadziwa kale. Chimene akufuna ndi mpata wolimba mtima, kapena wothetsa zina zimene anali asanathetse. M'masiku amenewo musabwereze funsolo, musatumize mauthenga ozungulira, musaike mawu okhudza pa sitetasi yanu. Musatumenso mnzanu kukafufuza.

Chachisanu ndi chimodzi: kumva yankho

Poyamba dzifunseni chinthu chimodzi chokha: kodi wayankha funso limene ndafunsa? Mawu ambiri okoma amayankha funso lina. Mwafunsa ngati muli awiri okha, iye akuti "ukudziwa kuti ndimakukonda". Chikondicho chikhoza kukhala choona, koma munthu amatha kukonda awiri. Bwezerani pang'onopang'ono kamodzi kokha: "Ndamva, ndipo ndasangalala. Nanga pa nkhani ya wina?" Akazembanso kachiwiri, kuzembako ndiye yankho lake.

Inde weniweni amakhala wamfupi ndipo amabwera ndi kanthu kogwirika. "Ndilibe wina. Ndimaganiza kuti ukudziwa." Nthawi zina amabwera ndi chivomerezo chosakoma: "Panali wina ku Katete, tinasiyana koma amaimbabe, ndimuuza." Yankho lotere limapweteka, koma ndi labwino kuposa lonjezo losalala, chifukwa munthu wakupatsani chinthu chimene akanatha kubisa.

Ayi weniweni ndi wosowa, ndipo akabwera mulemekezeni. "Sindinakonzeke kukhala pa chibwenzi" muzimumva monga wanenedwera. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kumva kuti "sindinakonzeke pano, koma ukalimbikira ndidzakonzeka", n'kuyamba kumuchapira, kumuphikira, kumutumizira mayunitsi, kuyembekezera kuti adzasintha. Iye ananena kale, ndipo tsiku lina adzakukumbutsani kuti ananena.

Povuta ndi pa mayankho apakati, ndipo pamenepa ndikhalitsapo.

"Tiyeni tione mmene zikhalire", "Mulungu ndiye adziwa", "usathamange", "bwanji ukufuna kuononga zinthu zimene zikuyenda bwino?" Mayankho awa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: mulibe tsiku, mulibe chifukwa, mulibe chimene iye achite. Kawirikawiri amatanthauza kuti mmene zililimu iye zikumukomera, ndipo sakufuna kulipira mtengo wa lonjezo kapena mtengo wokutayani. Yerekezani ndi "sindinadziwe" woona, amene amabwera ndi chifukwa chimene mungachigwire. "Ndinasiyana ndi mayi wa mwana wanga chaka chatha, nkhani ya mwana ikadali kukhoti, ndikuopa kulonjeza ndisanaimalize." "Ndikudikira kumva ngati anditumiza ku Chama kapena ndikhala konkuno." Apa pali chinthu chimene chidzatha tsiku lina, ndipo mungafunse kuti tsikulo ndi liti.

Yankho la ndalama ndi lofala kwambiri kuno: "ndipeze kaye ndalama", "ndikagulitsa soya", "ndimange kaye". Kumbukirani kuti munanena kale kuti simukufunsa za ukwati. Kukhala ndi munthu mmodzi sikufuna ngwee ngakhale imodzi. Ndiye akayankha za ndalama, pali zinthu ziwiri: mwina sanamve bwino chifukwa cha mantha aja, mwina akubisala kumbuyo kwa umphawi. Mumasiyanitsa pomuchotsera katunduyo: "Za ndalama ndamva, ndipo sindikuzifuna pano. Ndikufunsa za ine ndi iwe basi." Wamantha amapuma n'kuyankha. Wobisala amapeza chifukwa china chatsopano.

Mwamuna amene wafunsa mkazi asafulumire kukhumudwa ndi "ndiganize kaye" kapena kuseka koyang'ana pansi. Atsikana ambiri analangizidwa kuti kuvomera pomwepo n'kudzitsitsa. Yang'anani ngati akubweranso yekha ku nkhaniyo, ngati akufunsa mafunso okhudza kwanu ndi zolinga zanu. Koma musatembenuze zimenezi kukhala chifukwa chosamvera "ayi". Mkazi akati sakufuna, sakufuna, ndipo kumulondalonda ku ntchito kapena kunyumba ndi kumuvutitsa.

Yankho lina ndi mkwiyo: "Ndiye kuti sundikhulupirira?" "Wakuuza ndani?" "Iweyo uli ndi wina eti?" Munthu akhoza kudzidzimuka pang'ono, zimenezo n'zachibadwa. Koma ngati funso lofatsa lasanduka mlandu wanu, ndipo mukupezeka mukupepesa chifukwa chofunsa, zindikirani kuti umu ndi mmene mafunso anu onse adzayankhidwira mtsogolo.

Chachisanu ndi chiwiri: yang'anani milungu yotsatira

Mawu a tsiku limodzi amatsimikizidwa ndi milungu inayi kapena isanu ndi umodzi yotsatira. Kwathu kuno chibwenzi chenicheni chimadziwika ndi anthu, ndiye funso lake ndi lakuti: ndani wa kwawo amene akukudziwani, ndipo akukudziwani monga ndani?

Anzake akukuitanani kuti "mlamu" musatengeke nazo. Anyamata amaitana motero aliyense amene mnzawo wabwera naye, ndipo ena amadziwa alamu atatu a munthu mmodzi. Cholemera ndi mlongo wake, mchemwali wake, msuweni amene amakhala naye, kapena azakhali. Amenewa sadziwitsidwa munthu wongodutsa, chifukwa amakafikitsa nkhani kumudzi. Simukufunika kuonana ndi makolo ake. Malinga ndi mwambo, zimenezo zili ndi njira yake ndi nthawi yake. Koma munthu amene wati inde, n'kupita mwezi wathunthu wopanda wachibale ngakhale mmodzi wodziwa dzina lanu, inde wakeyo sanatuluke m'kamwa kupita kulikonse.

Yang'ananinso masana. Kodi amayenda nanu pa msika wa Kapata dzuwa likuswa mtengo, kapena mumaonana kukada basi, m'chipinda cha mnzake kapena ku malo ogona alendo? Kodi mumadziwa khomo la nyumba imene amagona? Kodi foni yake imayankhidwa usiku ndi kumapeto kwa sabata? Tauni yathu ili pa msewu waukulu ndiponso pafupi ndi malire a Mwami. Muli madalaivala, ogula mbewu, ndi antchito a boma amene mabanja awo anatsala ku Lusaka, ku Petauke kapena ku Mchinji. Ambiri ndi anthu oongoka, koma munthu amene amasowa Lachisanu lililonse n'kutulukira Lolemba, foni ili yozima, muli ndi chifukwa chomufunsa mwachindunji ngati ali pabanja.

Ngati mwagwirizana kuti muli awiri okha ndipo mumagonana, chotsatira chake ndi kukayezetsa magazi limodzi. M'zipatala ndi m'makiliniki a boma kuyezetsa HIV n'kwaulere. Kachilombo kamene kalowa posachedwa kakhoza kusaoneka pa kuyezetsa koyamba, ndiye pitirizani kugwiritsa ntchito makondomu ndipo mukayezetsenso patapita miyezi itatu. Mmene munthu amalandirira pempho ili zimakuuzani zambiri za inde wake.

Tione nkhani imodzi yonse

Tiyerekeze mtsikana wosoka zovala ku Kapata, ndi mnyamata amene amagula nshawa ndi soya m'midzi ya ku Chadiza n'kukagulitsa kwa ogula akuluakulu m'tauni. Anadziwana mu Novembala, ndipo tsopano ndi Epulo. Amaonana kawiri pa sabata, mnyamatayo amamubweretsera nyemba ndi mbatata akachokera kumudzi, koma akakumana ndi anthu amangoti "awa ndi atelala athu".

Mtsikanayo wadzifunsa ndipo wapeza kuti za ukwati sizikumuthamangitsa. Akufuna kudziwa ngati ali yekha. Watsimikizanso mumtima kuti akapanda kumva yankho lomveka pofika kumapeto kwa Meyi, asiya kugona naye ndi kuonana naye paokha. Wasankha Lamulungu masana, akuyenda kuchokera ku tchalitchi, ndipo wanena mawu ofanana ndi aja.

Mnyamata wakhala chete, kenako akuti: "Iwe, ukudziwa mmene zinthu zilili. Msika sunatsegulidwe. Ndikagulitsa soya mu Juni tidzakamba bwino."

Ili ndi yankho la ndalama. Lili ndi kabwino kake, chifukwa lili ndi mwezi weniweni: soya amakololedwa cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo malonda amatentha miyezi yotsatira. Koma layankha funso lachitatu, pomwe iye wafunsa lachiwiri. Mtsikanayo sakukangana naye za soya. Akuti: "Za Juni ndamva, ndipo sindikukuthamangitsa. Chimene ndafunsa sichifuna ndalama. Pali wina kapena palibe?"

Apa njira zigawikana. Tinene kuti mnyamata akuseka pang'ono n'kuti: "Aa, ndimayesa ukunena zoti ndikaonekere kwanu. Palibe wina. Kumudzi amayi anali ndi mtsikana amene amandifunira, koma ndinakana." Ili ndi inde wokhala ndi kanthu kogwirika. Mtsikanayo amulandire, asafunsenso mafunso khumi za mtsikana wa kumudziyo tsiku lomwelo. Atchule chinthu chimodzi chimene akufuna chisinthe: "Ndiye usamanene kuti ndine telala wako." Kenako ayang'ane. Ngati pofika mu Meyi mlongo wa mnyamatayo wabwera ku shopu kudzasoketsa chitenje n'kumupatsa moni womudziwa, ndipo anapita limodzi ku kiliniki, mawu ndi zochita zagwirizana. Nkhani ya Juni ikhoza kudikira Juni, ndipo ikafika adzafunsa funso lachitatu mwa njira yomweyi.

Tinene tsopano kuti mnyamata wayankha mwa njira ina: "Bwanji umakonda kuvuta? Si ndimabwera kwa iwe? Si ndimakubweretsera zinthu?" Wazemba kachiwiri, ndipo waika nyemba ndi mbatata pamalo pa yankho. Mtsikanayo asakweze mawu. Anene kuti: "Ndikuthokoza pa zonsezo. Ganiza, tidzakambe Lamulungu." Lamulungu likafika mnyamata osaitchula nkhaniyo, kapena osabwera n'komwe, n'kutulukira Lachitatu usiku ndi uthenga wakuti "ndakusowa", yankho lakwanira. Chimene chatsala ndi chija anatsimikiza yekha, ndipo achinene monga chosankha chake: "Ine ndikufuna munthu amene tili awiri okha. Ndaona kuti iwe sunafike pamenepo, ndipo sindikukukakamiza. Koma sindipitiriza mmene timachitiramu."

Kusiyana kwa mawu awa ndi chiopsezo n'kwakuti sakumupatsa mnyamata chochita kuti apulumuke. Akungomuuza chimene iye wasankha. Kawirikawiri pamenepa munthu amabwerera ndi malonjezo ambiri mwadzidzidzi. Mtsikanayo akhoza kumumvera, koma ayese malonjezowo ndi muyeso womwe uja: wayankha funso? Wachibale wake akudziwa? Akuyenda naye masana? Asabwerere ku zakale zimenezi zisanaoneke, chifukwa akabwerera msanga mnyamatayo waphunzira kuti mawu okha amakwanira.

Pamene malangizowa sakugwira

Ngati pali mimba, nkhani yachoka pa anthu awiri. Muuzeni mwiniwake mwachindunji, yambani sikelo msanga, ndipo dziwitsani wamkulu amene mumamukhulupirira, azakhali kapena amalume, chifukwa udindo wa mwana sudikira kuti munthu adziwe mmene akumvera mumtima.

Ngati mwapeza kuti ali pabanja, funso la "tili pati" layankhidwa kale ndi banjalo, ngakhale atakuuzani kuti akusiyana. Kusiyana kwenikweni ankhoswe a mbali zonse amakudziwa.

Ndipo ngati chimene chikukuletsani kufunsa ndi mantha akuti akumenyani, akulandani foni, kapena afalitsa zithunzi zanu, musafunse muli awiri okha, ndipo mwina musafunse n'komwe. Uzani m'bale kapena mnzanu zimene zikuchitika, sungani mauthenga oopseza, ndipo pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 933 ndi yaulere, ndipo mungaimbe kuti mulankhule ndi mlangizi musanasankhe chochita.